Pa kona, tilonde malo kapena tigwire munthu?

Pa 7 Julaye 2010, mumzinda wa Durban, Spain ndi Germany adafika mphindi ya 73 ya semifainolo ya Chikho cha Dziko Lonse popanda wogoletsa. Spain idapeza kona. Xavi akuika mpira pansi, osewera a Germany adaima aliyense pamalo ake kutsogolo kwa golo monga adaphunzitsidwira, ndipo pakati pawo padali Per Mertesacker, chimunthu chotalika mamita 1.98. Carles Puyol, yemwe msinkhu wake ndi mamita 1.78 okha, adaima kutali, cha kumphepete kwa bokosi, popanda womulondola. Mpira utanyamuka adathamanga, nadumpha ali paliwiro, n'kuumenya ndi mutu mwamphamvu moti Manuel Neuer sadaufikire. Chigoli chimodzicho chidatengera Spain ku fainolo.

Patapita zaka 8, pa Chikho cha Dziko Lonse cha ku Russia, Panama idakumana ndi England itasankha njira inayo: aliyense ndi munthu wake. Mphindi ya 8, Kieran Trippier adamenya kona. Ashley Young adangoima panjira ya amene amalondola John Stones, ndipo Stones adapezeka ali yekhayekha pakati pa bokosi, n'kugoletsa ndi mutu mosavutikira. Chigawo choyamba chisanathe, wosewera wa Panama adakumbatira Harry Kane pa kona ina mpaka kumugwetsa, woyimbira n'kupereka penate. England idapambana 6-1.

Zigoli ziwirizi zikuonetsa chilema cha njira iliyonse poyera. Komabe anthu saziweruza mofanana. Chikalowa chigoli chonga cha Puyol, ochemerera ndi ofotokoza mpira pa wailesi amanena kuti njira yolonda malo ndi yachabechabe. Chikalowa chonga cha Stones, amatukwana wosewera mmodzi amene wataya munthu wake, njirayo osaikhudza n'komwe. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: pomaka munthu, wolakwa amaoneka ndi maso, pamene polonda malo kanema amangosonyeza anthu anayi ataima ngati akudikira minibasi. Rafael Benítez adazimva zimenezi zaka zonse zimene adaphunzitsa Liverpool, kuyambira 2004 mpaka 2010. Chigoli chilichonse cha pa kona chinkadzutsa nkhani ya kulonda malo m'manyuzi a ku England, chonsecho goloboyi wake Pepe Reina adatenga mphoto ya goloboyi wosagoletsedwa m'masewero ambiri zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2006 mpaka 2008. Mphotoyo siwerenga makona okha, inde, koma timu yodontha pa kona iliyonse singaifike.

Kuti timvetse chomwe aphunzitsi amalimbirana, tiyambe tayeza malowo. Golo ndi lotambalala mamita 7.32. Kabokosi kakang'ono ka kutsogolo kwake kamatuluka mamita 5.5 kuchoka pamzere wa golo, malo omenyera penate ali pa mamita 11, ndipo bokosi lalikulu limathera pa mamita 16.5. Pabwalo lotambalala mamita 68, mpira wochokera pa kona umayenda mamita pafupifupi 34 kuti ufike pakati pa golo, ulendo wosakwana masekondi awiri ukamenyedwa mwamphamvu. M'bokosi lonselo, malo oopsa kwenikweni ndi ochepa: kuyambira m'kabokosi kakang'ono kukafika pa malo a penate, molunjika mizati iwiri. Mutu womenyedwa kuchokera kutali kuposa apo goloboyi amauona bwino, ndipo womenyedwa kuchokera kumbali sukhala ndi mpata wokwanira wolowera. Choncho funso la pa kona ndi limodzi: ndani ayambe kukhudza mpira m'kachigawo kameneko?

Wolonda malo amayankha kuti: ndiika anthu anga odziwa mutu m'kachigawo komweko, ndipo palibe amene awachotsemo. Kawirikawiri anthu atatu kapena anayi amandanda pamzere wa kabokosi kakang'ono, motalikirana mamita awiri kapena atatu, wina n'kuima kutsogolo kwa mzati wapafupi kuti adule mipira yotsika. Kutsogolo kwa mzerewu, cha pa malo a penate, pamaima gulu lachiwiri la anthu awiri kapena atatu. Aliyense amayang'ana mpira, osati munthu. Lamulo lake ndi lakuti mpira wodutsa kutsogolo kwako, pakati pa iwe ndi mnzako amene ali chakufupi ndi kona, ndi wako, ndipo uupite mothamanga. Munthu samenya bwino mutu akubwerera chambuyo, n'chifukwa chake gawo la aliyense limakhala kutsogolo kwake osati kumbuyo.

Mawu akuti "uupite" ndiwo mtima wa njirayi, ndipo ndi pomwe matimu ambiri amaiphonyera. Wolonda malo sayenera kudikira kuti mpira umupeze. Amaima chammbali, phewa limodzi kuloza ku kona, mapazi akuyendayenda, kuti mpira ukanyamuka aponde kawiri kapena katatu asanadumphe. Akadumpha ataima chilili, amapikisana ndi munthu amene wathamanga mamita 8 kapena 10, ndipo wothamangayo amakwera m'mwamba kwambiri ngakhale akhale wamfupi. Ndi mmene masentimita 20 a pakati pa Mertesacker ndi Puyol adathera ntchito: Mjeremani wamtaliyo adali pamalo ake, koma mpira sudapite pamalo akewo, udapita pomwe Puyol amafikira ali paliwiro. Cholakwa cha Germany tsiku limenelo sichidali kuima m'malo ayi. Chidali chakuti panalibe aliyense woima panjira ya Puyol kuti amuchedwetse, ngakhale ndi phewa chabe.

Chilema chachiwiri chili m'mipata ya pakati pa alonda. Mpira ukagwera ndendende pakati pa anthu awiri, mwina onse amaudumphira n'kugundana, kapena aliyense amasiyira mnzake. Otsutsana nawo akadziwa kuti timu imalonda malo, amaunjika anthu atatu pa gawo la munthu mmodzi, makamaka wofooka pa onsewo, kapena amatumiza awiri kumbuyo kwa mlonda womaliza, ku mzati wakutali, komwe iye sakuonako chifukwa maso ake ali pa mpira.

Womaka munthu amayankha funso lija mwina: mpira sugoletsa wokha, amagoletsa ndi munthu, ndiye ndigwira anthuwo. Mphunzitsi amalemba mayina masewero asanayambe, wamtali kwa wamtali, wamphamvu kwa wamphamvu. Womaka amaima pakati pa munthu wake ndi golo, moyandikira moti atha kumukhudza ndi mkono, thupi atalitembenuza kuti aone munthuyo ndi mpira nthawi imodzi. Ubwino wake ndi wakuti wothamanga sathamanga yekha, ndipo palibe wonena kuti "ndimayesa ndi wako." Njirayi imaphunzitsika tsiku limodzi.

Koma womaka amakhala wotsatira nthawi zonse. Wogoletsa akudziwa komwe akupita ndi nthawi yonyamukira; womulonda amadziwa pokhapokha mnzakeyo atanyamuka kale. Phazi limodzi lotsalira likwanira. Mu semifainolo ya 2018, Samuel Umtiti wa France, wa mamita 1.82, adatsogolera Marouane Fellaini wa Belgium, wa mamita 1.94, ndi phazi limodzi lomwelo ku mzati wapafupi pa kona ya Antoine Griezmann, ndipo masewerowo adatha 1-0. Mu fainolo ya Champions League ya 2012 ku Munich, Bayern idamenya makona 20 osapindula kanthu, pamene Chelsea idapeza kona imodzi yokha, mphindi ya 88. Juan Mata adaimenya, Didier Drogba n'kuthamangira ku mzati wapafupi Jérôme Boateng akumutsata m'mbuyo, mutu n'kulowa. Boateng sadagone. Adangofika mochedwa ndi kachigawo ka sekondi.

Choopsa chachikulu n'chakuti timu yomaka munthu imaima pomwe adani akufuna. Iwo akaunjikana ku mzati wakutali, otchinga onse amapita komweko, ku mzati wapafupi n'kutsala pululu. Akafuna kuchotsa katswiri wanu wa mutu pakati, amangouza munthu amene iye akumulonda kuti athamangire kunja. Ndiye pali kutchingirana njira, komwe England idakuonetsa dziko lonse mu 2018. Pokumana ndi Colombia, osewera ake anayi ankandanda wina kumbuyo kwa mnzake cha pa mphepete mwa bokosi, moti omaka sankatha kuima pambali pa anthu awo. Mpira ukanyamuka anayiwo ankabalalika, wina uku wina uko. Carlos Sánchez, poopa kutaya Kane, adamukwera pamsana mpaka kumugwetsa, ndipo penate yake idalowa mphindi ya 57. Chikho chimenecho chidali choyamba kukhala ndi VAR, ndipo kuyambira pamenepo kugwira malaya, komwe kale kunkapulumutsa omaka ambiri woyimbira akayang'ana kwina, kudayamba kudula mtengo.

Arsenal ya Mikel Arteta, kuchokera pomwe idalemba Nicolas Jover mu 2021 kuti aziphunzitsa makona ndi mafirikiki okhaokha, yapititsa luso limeneli patali. Amene adaonera masewero ake ndi Manchester City mu Seputembala 2024, omwe adatha 2-2, adaona Kyle Walker atapatsidwa Gabriel Magalhães kuti amulonde. Osewera a Arsenal adayambira ku mbali yakutali, ena n'kupanikiza goloboyi Ederson pamzere wake kuti asatuluke, Gabriel n'kumuzemba Walker ndi kufika pa mpira wa Bukayo Saka ali paliwiro. Onani kuti apa adagonjetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: womaka, ndi goloboyi yemwe akadathandiza womakayo.

N'chifukwa chake masiku ano matimu akuluakulu ochepa kwambiri ndiwo amagwiritsa njira imodzi yokha. Ambiri amasakaniza, ndipo mkangano weniweni wa aphunzitsi uli pa kagawidwe: angati alonde malo, angati agwire anthu. Kuona kwanga n'kwakuti yankho silichokera m'buku la mphunzitsi koma mu msinkhu ndi mtima wa anthu amene ali nawo. Tiyeni tiyese ndi timu yongoyerekeza.

Muli ndi osewera 10 kupatula goloboyi. Mwa iwo, atatu okha ndiwo amapambanadi mipira ya m'mwamba: otchinga pakati awiri ndi wosewera kutsogolo wanu wamtali. Adani ali ndi anthu asanu oopsa pa mutu. Mukamaka munthu, atatu anu atenga atatu awo, ndipo awiri otsalawo agwera m'manja mwa anyamata afupiafupi. Adani sadzavutika kuganiza: atatu omwe akulondedwa ndi akatswiri anu adzathamangira ku mzati wapafupi kuwakokera komweko, mpira n'kupita kwa awiri aja. Mwagonja mpira usanamenyedwe. Timu yotere iyenera kulonda malo. Ikani atatu anu pamzere wa kabokosi kakang'ono, wopambana onse pakati kapena chakufupi ndi mzati wapafupi, pomwe mipira yambiri yoopsa imadutsa. Wachinayi, wolimba mtima ngakhale akhale wamfupi, aime kutsogolo kwa mzati wapafupi. Atatu ena, afupiafupi aja, apatseni anthu atatu oopsetsetsa a adani, koma ntchito yawo si kupambana mutu ayi. Ntchito yawo ndi kuima panjira, kukankha ndi chifuwa ndi phewa, manja ali pansi, kuti wothamangayo afike mochedwa kapena afike atataya liwiro. Uyu ndiye munthu amene Germany idamusowa pa Puyol. Apa mwagwiritsa anthu 7. Awiri aime pamphepete mwa bokosi kudikira mipira yobwerera, ndipo mmodzi wothamanga kwambiri atsale cha pakati pa bwalo, zomwe zimakakamiza adani kusiya anthu awiri kumbuyo.

Tsopano tembenuzani nkhaniyo. Muli ndi amphongo asanu kapena 6 otalika ndi amphamvu, ndipo adani ali ndi munthu mmodzi kapena awiri okha amene makona awo onse amalunjika. Apa kulonda malo ndi kuwononga mphamvu, chifukwa mukupatsa munthu yekhayo woopsa mpata wosankha gawo la mlonda wanu wofooka ndi kulithamangira. Mupatseni womaka wanu wabwino koposa, wina amuthandize, ena atenge otsalawo, ndipo musiye munthu mmodzi kapena awiri opanda wowalonda, mmodzi ku mzati wapafupi ndi wina pakati pa kabokosi, kuti womaka akatchingidwa njira pakhale wopita ku mpira. Omakawo agwirizanenso za mawu amodzi ofuula wina akatchingidwa, kuti asinthane anthu pomwepo m'malo moti aliyense azizungulira kufuna wake.

Goloboyi naye amasintha masamuwa. Goloboyi wamtali wokonda kutuluka amafuna malo oti athamangire, ndipo kumaka munthu kumamudzazira anthu pakhomo, popeza mdani aliyense wobwera m'kabokosi amabwera ndi womulonda, anthu n'kuchuluka kawiri. Wotereyu amamasuka ndi alonda a malo, amene amadziwa komwe aima, kuphatikizapo munthu mmodzi womuchotsera mdani amene wamuimira kutsogolo. Goloboyi wokhala pamzere, wodalira changu cha manja, amafuna kuti alonda ake atsikire m'kati mwa kabokosi chifukwa iye mwini sakafikako.

Alonda a malo amayang'ananso phazi la womenya kona. Wamanzere akamenya kuchokera kudzanja lamanja la timu yake, monga Mata kapena Griezmann pa zigoli zija, mpira umakhotera kugolo, ndipo mzere uyenera kutsikira pafupi ndi goloboyi. Akamenya wa phazi lamanja kuchokera mbali yomweyo, mpira umakhotera kunja, kuthawa golo, ndipo mzere wonse usunthe mita imodzi kapena awiri kutsogolo. Timu imene imaima malo amodzimodzi pa makona onse awiriwa ndiye kuti idangoloweza chithunzi, sidamvetse njirayo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza njira zonse mofanana. Choyamba ndi kona yaifupi. Adani akatumiza munthu wachiwiri ku mbendera, muyenera kutulutsa awiri, chifukwa mmodzi angadutsidwe mosavuta, ndipo lamulo limati otchinga atalikire mamita 9.15 mpira usanamenyedwe. Awiriwo adziwike kale, ndipo asachokere pa mzere wa atatu aja. M'chitsanzo chathu, mmodzi wa pamphepete mwa bokosi ndi wothamanga uja ndiwo oyenera. Chachiwiri ndi mpira wachiwiri. Pa kona penipeni palibe ofusayidi, koma mpira ukangokhudzidwa ndi wina, ofusayidi yabwerera. Timu yolonda malo imatuluka mosavuta pamodzi chifukwa idaima kale pamzere, pamene omaka amakhala atabalalika, wina ali pansi, wina ali pamzere wa golo. N'chifukwa chakenso aphunzitsi ambiri adasiya kuika anthu pa mizati yonse iwiri: anthu awiriwo amachepetsa omenyera mpira woyamba, ndipo akachedwa kutuluka amachititsa kuti adani onse asakhale pa ofusayidi. Woima pamzere sapulumutsanso nthawi zonse. Pa masewero a Colombia omwe aja, Yerry Mina adabweza chigoli pa kona nthawi yowonjezera, mpira utadunda pansi n'kukhudza mutu wa Trippier yemwe adaima pamzerepo, n'kulowa.

Nanga matimu athu a m'maboma ndi a m'masukulu, omwe sakhala ndi kanema wa adani awo, ndipo osewera amasinthasintha sabata ndi sabata? Apa zinthu ziwiri zimakokerana mbali zosiyana. Kusadziwa adani kumakomera kulonda malo, popeza simungagawe mayina a anthu amene mwangowaona akutsika m'galimoto. Koma kulonda malo kumafuna anthu omwewo kubwereza pamodzi kambirimbiri mpaka aliyense adziwe polekeza gawo lake, ndipo mmodzi akasowa, wolowa m'malo mwake amasiya mpata. Mphunzitsi wa timu yotere angachite bwino kusankha anthu awiri okha odalirika, amene sajomba, kuwapatsa mzati wapafupi ndi pakati pa kabokosi monga malo awo osasintha, ena onse n'kumaka anthu molingana ndi msinkhu. Akumbukirenso kugawa anthu mwatsopano nthawi iliyonse wina akalowa kapena kutuluka, chifukwa wolowa kumene amene sadauzidwe munthu wake ndiye amasiya mdani ali yekha.

Mukamaonera masewero, kuzindikira njira imene timu ikugwiritsa n'kosavuta. Yang'anani otchinga womenya kona asananyamuke: amene nkhope zawo zaloza ku mbendera ndi alonda a malo, amene akuyang'ana pachifuwa cha mdani ndi omaka. Chigoli chikalowa, dikirani kuti achionetsenso, ndipo musayang'ane wogoletsa. Yang'anani mapazi a mlonda amene adali pafupi ndi pomwe mpira wagwera, ngati adaponda kutsogolo kapena adadumpha ataima. Kenako bwererani kumene wogoletsayo adayambira kuthamanga, muone ngati padali amene adamukhudza panjira, ndipo ngati womulonda adatsalira, muone amene adamuimira kutsogolo. Kafukufuku wa m'maligi akuluakulu a ku Ulaya wakhala akusonyeza kuti pa makona 100, amene amabala chigoli ndi awiri, atatu kapena anayi basi, choncho timu itha kumaliza masewero angapo ikulakwitsa zomwezomwezo osalangidwa. Mphunzitsi wofuna kudziwa ngati njira yake ikugwira ntchito asawerenge zigoli zokha. Awerenge makona onse amene adani amenya m'masewero asanu kapena 6, n'kulemba pa kona iliyonse timu imene idayamba kukhudza mpira ndi pamalo pomwe idaukhudzira.